Ulendo wotsata dzina la Achisa

Lolemba, Blantyre

Tanyamuka pa Wenela mmawa uno, ine ndi mwana wa achemwali anga Yamikani, wa zaka 13, ndipo ulendo wonsewu wayambitsa ndi iyeyu. Bambo anga, agogo ake, anthu onse amawatchula kuti Achisa, dzina lawo lenileni limangomveka kuchipatala basi akamaitana pa mzere. Ife tonse tinakula tikudziwa kuti dzinali likunena chisa cha mbalame, poti nyumba yawo sinasowepo ana, awo omwe, a abale, ena oti sitinkadziwa nkomwe ubale wake, onse ankagona mommo. Ndiye amayi ankati ndi chisa chimenechi, ndipo palibe anafunsapo zambiri.

Koma Yamikani tsiku lina akufuna chingwe mu sutikesi yachitsulo ya agogo ake anapeza kalata yakale, pa envulopu pali sitampa ya ku Joni, yalembedwa mu 1976, ndipo inayamba ndi mawu akuti "Chisa m'bale wanga". Mwanayu anawerengera yekha nkubwera kwa ine, akuti ankolo, mu 1976 agogo anali ndi mwana mmodzi yekha, nyumba inali isanadzaze, nanga munthu wa ku Joni anadziwa bwanji za chisa? Atawafunsa eni ake anangoseka nkutembenuzira khutu lawo logontha lija kwa iye, ndi mmene amachitira akafuna kuti nkhani ithe.

Amene analemba kalatayo alipo, ndi mtchona, sanabwerere kumudzi. Mdzukulu wawo tinampeza pa WhatsApp ndipo anati agogo akuti nkhani imeneyi si ya pa foni, mwanayo abwere. Ndiye tikupita.

Ndamuuza Yamikani tili mu basi kuti dzina loti Wenela limene timangoti ndi depoti linachokera ku WNLA, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za ku migodi ya golide, ndipo mu 1977 linasintha dzina kukhala TEBA, kumene kunachokera mawu oti Theba. Agogo ake anayambira pomwepa. Sanayankhe, anangotulutsa kope lake nkulemba.

Lachiwiri, Harare

Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete kukutentha koopsa, kenako Nyamapanda. Zonse zayenda, kungoti pa boda paliponse afunsa mapepala a mwana, ndiye ngati mukuyenda ndi mwana woti si wanu nyamulani setifiketi yake ya kubadwa ndi kalata yolumbirira ya makolo ake, musadalire pasipoti yokha. Tatopa, ndilemba zambiri mawa.

Lachitatu, Francistown

Basi za ku Joni zimangolunjika Beitbridge koma ife tapatuka dala, Bulawayo, Plumtree, kulowa Botswana pa Ramokgwebana, chifukwa njira ya agogo inadutsa kuno. Iwo sanayende pa msewu ngati ife. Ankakwera ndege ya Wenela kuchoka ku Malawi kudzatera pa Francistown pano, kenako sitima ya pamtunda mpaka ku Joni, pobwerera chimodzimodzi.

Tinapita kufupi ndi bwalo la ndege madzulo. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela, ya mtundu wa DC-4, inanyamuka pano kupita ku Malawi itanyamula anthu omaliza kontrakiti, ndipo inagwa itangonyamuka kumene chifukwa mafuta ake anali atasakanikirana ndi mafuta a ndege za jeti. Anthu 78 anafa, mwa iwo 74 anali a Malawi a ku migodi, anthu oti apirira pansi pa nthaka miyezi yonse ija nkudzafera pa ulendo wa kumudzi katundu ali mmanja. Kamuzu analetsa pompo kulemba anthu a Wenela, nthawi imeneyo a Malawi ku migodi ya ku Joni anali oposa 100,000, ndipo ambiri anabwerera makontrakiti awo atatha. Bambo anga anabwera mu 1975 osapitanso. Analolanso mu 1977 koma anthu sanachulukenso ngati kale, mpaka zinatheratu mu 1988.

Yamikani anandifunsa kuti ankolo, mwina Chisa ndi za ndegeyi, poti ndege ndi mbalame zonse zimauluka? Ndinamuuza kuti sindikuganiza choncho koma alembe mu kope, ndipo analembadi. Ali ndi mndandanda wa zinthu za agogo ake zimene sazimvetsa, wandionetsa usiku uno. Khutu logontha. Kukhosomola kwa mmawa. Kusafuna kuti mwana aliyense agwire machesi. Komanso ichi chimene ine ndinachizolowera moti ndinasiya kuchiona, chakuti kukamagunda mabingu kapena anyamata akamaphulitsa makombola pa nyuwiya, agogo amasiya chilichonse nkumawerenga chapansipansi, milomo yokha ikugwedera, ndipo zikasiya amakhalabe chete kanthawi ngati akudikira china.

Lachinayi, Johannesburg

Gaborone, boda ya Tlokweng, kenako Joni. Masana ndinamutengera ku Gold Reef City, kumene kunali shafuti nambala 14 ya Crown Mines, kuti aone kheji yotsitsira anthu pansi, mabowolo, makina obowolera mwala ndi chitsulo chachitali chija chimene chimakhala pamwamba pa mgodi. Cholinga changa chinali choti mawa achikulire akamafotokoza asamangomva mawu opanda chithunzi. Chimene chinamugwira mtima ndi kufupika kwa malo okumba, poti mzere wa mwala wa golide ndi wopyapyala, ndiye malo amene anthu ankagwiramo ntchito kutalika kwake mwina mita imodzi basi, otsetsereka, munthu wamkulu samaimirira, amakwawa kapena kukhala chogonera. Anayeza pa thupi lake nkuti ankolo, ngakhale ine sindingaime.

Lachisanu, Khutsong

Lero ndilemba motalika, mundipirire.

Khutsong ili pafupi ndi Carletonville, kumadzulo kwa Joni, dera la migodi yakuya kwambiri. Achikulire tinawapeza pa mpando panja, ali ndi zaka zoposa 80, mpweya ukuwavuta, Chichewa chawo chasakanikirana ndi Chitswana ndi Chizulu koma chikumveka bwinobwino. Atamuona Yamikani anamugwira chibwano nkumuyang'ana nthawi yaitali, akuti iwe ndiwe mdzukulu wa Chisa, mphumi ndi yomweyi. Mwanayu sanachedwe, anagwada nkutulutsa kalata ija, akuti agogo, nchifukwa chiyani munawatchula chisa pamene kunalibe ana?

Achikulire anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Akuti ana ati? Mdzukulu wanga, limeneli si dzina la mbalame, ndi Chifanakalo, chilankhulo cha mu mgodi, chisa ndiye kuti otcha, kapena kuti chatentha. Agogo ako anali chisaboyi, munthu woyatsa mafyuzi a dainamaiti. Tonse tikatuluka iye ndi amene ankatsala ndi moto mmanja.

Yamikani anangoti kakasi. Ine ndinamva miyendo kuzizira, bambo anga omwe amatikalipira chifukwa cha kamtengo ka machesi.

Ndiye anatifotokozera ntchito yake mwa dongosolo, ndipo ndiyesa kulemba mmene ananenera. Iwo anali a makina, obowola mwala. Shifiti yonse ankabowola mabowo pa khoma la mwala, lililonse kuya kwake ngati mita imodzi, madzi akuthira kuti fumbi lichepe. Akamaliza, makina ndi mapaipi zimachotsedwa, ndiye kumabwera za chisa. Bowo lililonse amalipopa kaye kuti muchoke matope, kenako amalowetsa timitanda ta dainamaiti, kamodzi mwa ito kali ndi kapu, kachitsulo kakang'ono kophulitsira kamene kafinyidwa kumapeto kwa fyuzi. Amakankha ndi ndodo ya mtengo, osati yachitsulo, chifukwa chitsulo chikakhula mwala chimathetheka. Pomaliza amatseka kukamwa kwa bowo ndi dothi kuti mphamvu isathawire kunja koma ikang'ambe mwala. Akuti dainamaiti wa nthawi imeneyo ukamugwira ndi manja mutu umawawa ngati ukung'ambika, ndipo ma chisa atsopano ankasanza sabata yoyamba.

Pa lamulo, woyenera kuphulitsa anali mzungu yekha, poti setifiketi yophulitsira munthu wakuda sankaloledwa kukhala nayo, lamulo limeneli linali pansi pa Mines and Works Act ya 1911 ndipo linadzachotsedwa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Koma achikulire akuti kawirikawiri mzungu ankakhala pa bokosi lake kunjira yaikulu, ntchito yeniyeni nkumagwira achisa, dzina la ntchito nkukhala boyi ngakhale munthu ali ndi mkazi ndi mwana kumudzi, malipiro nkukhala a boyi. Apa mawu awo anasintha, ndipo ndikuganiza kuti ichi ndi chimodzi mwa zifukwa bambo anadula dzinalo pakati nkusiya kuti ife tiganize za mbalame.

Kenako anatenga kope la Yamikani nkumuuza kuti alembe masamu. Fyuzi ndi chingwe chokhala ndi onga mkati, ndipo imapsa pa liwiro lodziwika, pafupifupi mphindi ziwiri pa mita imodzi. Ndiye fyuzi ya mamita awiri imakupatsa mphindi zinayi kuchokera pamene wayiyatsa. Tinene kuti mabowo alipo 24. Chisa ali ndi kamtengo koyaka kamene ankati chisasitiki, amayamba ndi bowo la kumene kuli mpata, chifukwa mwala umafuna kolowera ukamasweka, loyamba likaphulika limatsegulira lachiwiri malo, lachiwiri lachitatu, choncho mpaka kumapeto. Ukasokoneza dongosolo mwala susweka bwino. Ngati bowo lililonse likumutengera masekondi asanu, kukwawa ndi kuyatsa ndi kuonetsetsa kuti fyuzi yalavuladi moto, mabowo 24 ndi mphindi ziwiri. Yamikani anawerengera nkuti ndiye zatsala mphindi ziwiri agogo. Achikulire akuti eya, mphindi ziwiri zoti ukwawe chokwera kapena chotsika mu utsi wa mafyuzi, malo oti sungaimirire, mpaka ukafike pobisala. Ndiye fyuzi imodzi ikanyowa nkumakana kuyaka, ukalimbana nayo masekondi 30, wadya nthawi yako yothawira. Lamulo linali loti kamtengo kako kakatha umachoka, kaya wamaliza kaya sunamalize. Akuti pambuyo pake kunabwera chingwe cholumikiza mafyuzi onse choti umangoyatsa kumodzi, zinapepukako, koma agogo ako anayamba nthawi ya kamtengo.

Ndiye ukafika pobisala, akuti, ntchito sinathe. Umawerenga.

Apa Yamikani anadzidzimuka, anatsegula tsamba la mndandanda wake uja nkundiyang'ana. Achikulire anapitiriza osadziwa, akuti wayatsa 24 uyenera kumva 24, kugunda kulikonse umakumva mchifuwa ndi mmano. Ukamva 23 ndiye kuti bowo limodzi lagona ndi dainamaiti wake wamoyo. Zimachitika pa zifukwa zingapo, fyuzi yanyowa, kapu sinafinyidwe bwino, kapena bowo loyandikana nalo pophulika ladula fyuzi ya linzake moto usanafike. Nthawi zina moto umangochedwa mkati nkudzaphulika mochedwa, nchifukwa chake munthu sabwerera msanga kukaona, amadikira osachepera theka la ola, ndiponso pali utsi wofiirira wa dainamaiti umene ukaupuma umatuluka uli bwinobwino nkukafa usiku ku komponi mapapo atadzaza madzi. Ndiye ankaphulitsa pomaliza shifiti, malowo nkukhala maola angapo mphepo ikukoka utsi ndi fumbi.

Yamikani anafunsa funso limene ine sindikanaliganiza, akuti nanga awiri akaphulika nthawi imodzi simumva ngati mmodzi? Achikulire anamuloza ndi chala mokondwa, akuti ndi pomwepo pamene anthu ankafera. Kuwerenga sikokwanira, 23 ikhoza kukhala 24 imene awiri anagundira limodzi, ndipo poti zimachitikachitika anthu ankazolowera nkumati aa, agundira pamodzi amenewo. Ndiye mmawa pamayenera kukhala kuyendera, kuthira madzi khoma lonse, kugwetsa miyala yolendewera ndi chitsulo chachitali, kugogoda denga kumva ngati likulira mwa mphako, kenako kufufuza zotsalira za mabowo a dzulo. Bowo likaphulika kawirikawiri limasiya kamchira kake mu mwala, ankati soketi. Soketi iliyonse amaitsuka ndi madzi kuti aone mpaka kumapeto, amaizinga ndi penti kapena choko nkuitseka ndi chipika, ndipo wa makina saloledwa kubowola mmenemo kapena pafupi napo kuposa masentimita 15. Koma soketi imakopa, akuti, chifukwa bowo layambika kale, chitsulo sichiterereka, ndipo anthu akuthamangira bonasi ya mamita.

Tsiku limene analembera kalata ija, anali kukumbukira chimene chinachitika mu 1971. Madzulo a tsiku lina chaka chimenecho Chisa anayatsa 24 nkumva 23. Anauza kapitawo, anauza mzungu, onse anati agundira pamodzi. Usiku ku komponi sanagone, ankangobwereza kugunda kuja ndi chala pa bedi la simenti, akuti iye ankadziwa kutalikirana kwa mabowo ake poti anayatsa yekha, ndipo panali mpata wautali pakati pa la 16 ndi lotsatira, pamene pakanayenera kugunda lina. Awiri akagundira limodzi kugundako kumakhala kolemera, koma iye anamva mpata, osati kulemera.

Mmawa kuyendera kunachitika mothamanga, miyala yosweka inali isanachotsedwe yonse mmunsi mwa khoma. Achikulirewa anaimika makina awo, mnzawo wagwira kale chitsulo pa mwala, mpweya watsegulidwa. Chisa anabwera chokwawa nkutseka mpweya wa makinawo ndi dzanja lake, chinthu choti chisaboyi sankayenera kuchita. Kapitawo anakalipa, mzungu anabwera nkumumenya khofi kuti akuchedwetsa ntchito, iye osasuntha, anangoti ndipatseni paipi ya madzi. Anawerenga masoketi kuchokera koyambira, wani, thu, mpaka 16, nkuyamba kufukula ndi manja pamene panayenera kukhala la 17. Khoma pamenepo linali lotundumuka, silinasweke ngati kwina. Atathira madzi panatuluka kachidutswa ka fyuzi kotalika ngati chala, kodulidwa, kosapsa. Dothi lotsekera linali momwemo, kuseri kwake dainamaiti yense ndi kapu yake. Achikulire anatambasula chikhatho kutionetsa, akuti chitsulo changa chinali apa, bowo lili apa, ndipo mmene ndinapendekera makina ndikanakumana nalo mkati. Pamalopo tinalipo anthu asanu ndi mmodzi.

Yamikani anafunsa kuti ndiye anawapatsa mphoto? Akuti ayi mdzukulu wanga, nkhaniyo ikanapita ku ofesi mzungu akanakhala pa mlandu, ndiye inathera pansi pomwepo. Koma kuchokera tsiku limenelo ku komponi ma chisaboyi ena onse ankatchulidwa maina awo, Chisa linakhala la munthu mmodzi. Ngakhale Abasotho ndi Amashangani ankati ngati wayatsa ndi Chisa, funsani kuti wamva angati.

Panali chinanso chimene ananena titatsala pang'ono kutsanzika. Mmodzi mwa asanu ndi mmodzi aja, amene anagwira chitsulo, anali mu ndege ya pa Francistown. Achikulire akuti Chisa atamva anakhala masiku osalankhula, kenako anati ana ake ndikawaona ine. Atatchula dzina la malemuwo ndinalidziwa, ndi bambo wa anthu awiri amene ndinakula nawo nyumba imodzi ndikuwatchula achimwene ndi achemwali, ndipo ndi iwo anali oyamba kubwera, ena onse anatsatira pambuyo. Sindilemba zambiri pa ichi chifukwa ndi nkhani yawo.

Loweruka, Johannesburg

Mdzukulu wa achikulire aja watithandiza china. Akuti chifuwa cha agogo ake ndi matenda a fumbi la mwala, silikosisi, ndipo pali Tshiamiso Trust imene inakhazikitsidwa pambuyo pa mlandu umene khoti linavomereza mu 2019, yolipira anthu amene anagwira ntchito mu migodi ina ya golide pakati pa 1965 ndi 2019 nkudwala silikosisi kapena chifuwa chachikulu, kuphatikizapo a maiko ena ngati ife. Chofunika ndi umboni woti munthu anagwiradi ntchito, nambala yake ya ku mgodi kapena mapepala a Wenela, kenako kuyezedwa mapapo. Si aliyense amalandira, zimatengera mgodi wake ndi zimene madokotala apeza. Yamikani akuti mu sutikesi muja anaonamo kakhadi kokhala ndi nambala ndi chidindo cha chala, ndiye tikafika tiyambira pamenepo.

Madzulo tinaimba vidiyo kunyumba. Achemwali anawagwirira foni ku khutu labwino lija. Yamikani sanapereke ndi moni womwe bwinobwino, anangoti agogo, munayatsa 24 munamva angati?

Bambo anakhala chete, kenako anafunsa kuti wakuuza ndani, akadali moyo ameneyo? Titawauza kuti ali moyo ndipo akupereka moni anapukuta mmaso ndi chipewa. Ndiye anati wakunamiza pang'ono mkuluyo, ukalamba, silinali la 17, linali la 18, la 17 linaphulika bwinobwino ndinalimva. Yamikani anafufuta mu kope nkukonza. Kenako anawafunsa ngati akufuna tisiye kuwatchula dzinalo poti tadziwa, iwo akuti ayi, ingochotsani boyi basi, ndipo ubwere ndi kope lakolo chifukwa za kuyezedwa kutentha, pamene ankatikweza ndi kutitsitsa pa sitepe maola anayi mu chipinda cha nthunzi tisanaloledwe kutsika pansi, mkuluyo sanakuuze.

Basi yobwerera inyamuka mawa mmawa pa Park Station, ulendo uno tidzera Beitbridge.